Kuyesa pulogalamu ya pafoni ndi kagulu ka anthu osankhidwa musanaitulutse kwa onse

Pulogalamu ikamagwira bwino pa foni ya amene anaipanga, zimenezo zimangosonyeza kuti imagwira pa foni imodzi, m'manja mwa munthu amene akudziwa kale batani loyenera kudina. Mayeso a beta yotsekedwa, omwe ndi kupereka pulogalamuyo kwa anthu ochepa amene mwawaitana nokha, amaonetsa zimene zimachitika ikafika pa mafoni ena ndiponso m'manja mwa anthu amene sanaione n'kale lonse. Mayesowa amapindula pokhapokha ngati mwawayamba muli ndi mafunso olembedwa amene mukufuna mayankho ake, chifukwa gulu limene langouzidwa kuti "yesani muone" limabweza yankho limodzi lokha, lakuti zonse zili bwino.

Kuti njira yonse ioneke bwino, tiyerekeze kuti mwapanga pulogalamu ya Android yolemberamo ndalama zimene munthu wagwiritsa ntchito pa tsiku. Munthu amatha kulemba ngakhale alibe intaneti, ndipo netiweki ikabwera, foni imatumiza zolembedwazo ku seva.

Yambani ndi mafunso atatu

Musanaitane munthu aliyense, lembani zinthu ziwiri kapena zitatu zimene simungathe kuzitsimikiza muli nokha. Pa pulogalamu yathuyi mafunsowo ndi awa. Kodi munthu watsopano angatsegule akaunti n'kulemba ndalama zake zoyamba popanda wina kumuthandiza? Kodi zimene walemba alibe intaneti zimafika ku seva zonse, ndiponso kamodzi kokha? Nanga akaika kope latsopano pamwamba pa lakale, zolemba zake zimakhalapobe? Funso lililonse likhale loti yankho lake ndi inde kapena ayi, ndipo mulembe pambali pake chimene mudzayang'ane kuti mudziwe yankholo. Funso lakuti "kodi anthu akuikonda" silingayankhidwe ndi anthu 18 amene ambiri mwa iwo akukudziwani, choncho lisiyeni.

Ndi bwinonso kudziwiratu malire a gulu laling'ono. Vuto limene limagwera munthu 1 mwa anthu 5 alionse lidzaoneka pafupifupi mosakayikitsa pa oyesa 15, chifukwa mwayi woti onsewo liwaphonye sufika 4 peresenti. Koma vuto limene limagwera munthu 1 mwa 100 lili ndi mwayi wa 14 peresenti yokha woti lioneke pa gulu lomwelo. Choncho mayeso otere amagwira mavuto akuluakulu ndi zosokoneza zimene anthu ambiri angakumane nazo, koma sangakupatseni umboni woti pulogalamu ilibe vuto lililonse.

Sankhani anthu ndi mafoni

Oyesa abwino ndi anthu amene ali ndi vuto limene pulogalamuyo ikufuna kuthetsa, ndipo akanatha kuigwiritsa ntchito ngakhale simunawapemphe. Achibale ndi anzanu apamtima amavomera msanga, koma amaopa kukukhumudwitsani, ndipo anzanu opanga mapulogalamu amadutsa mosavuta pamalo amene munthu wamba angakodwe. Mukhoza kukhala nawo ochepa, koma asachuluke m'gulumo.

Pofunsa munthu ngati angalowe nawo, mufunseninso mtundu wa foni yake, nambala ya Android imene ili m'foniyo, ndi imelo imene amagwiritsa ntchito pa Play Store. Cholinga n'chakuti mafoni asiyane: pakhale akale okhala ndi memore yochepa, a sikirini yaing'ono, ndi ochokera kwa opanga osiyanasiyana, popeza makampani ena amaikamo njira zawozawo zosungira batire zimene zimaimitsa mapulogalamu amene akugwira ntchito kumbuyo. Kwa pulogalamu yotumiza zinthu ku seva munthu asakuiyang'ana, kusiyana kumeneku n'kofunika kuposa kuchuluka kwa anthu. Onetsetsani kuti pali foni imodzi kapena ziwiri zokhala ndi Android wakale kwambiri amene munalola mu `minSdk`.

Za chiwerengero, pali lamulo la Google limene muyenera kulidziwa. Ngati akaunti yanu ya Play Console ndi ya munthu payekha ndipo inatsegulidwa pambuyo pa 13 Novembala 2023, simungatulutse pulogalamu kwa onse mpaka mutachita mayeso otsekedwa okhala ndi oyesa osachepera 12 amene akhala m'mayesomo masiku 14 motsatizana. Poyamba chiwerengerochi chinali 20, kenako chinatsitsidwa. Musaitane anthu 12 enieni, chifukwa mmodzi akangotuluka pakati pa masikuwo gulu limaperewera, ndipo wolowa m'malo mwake amayamba kuwerenga masiku ake kuchokera pa tsiku loyamba. Pa chitsanzo chathu tiitana anthu 18.

Konzani pulogalamu kuti izidziwitsa yokha zimene zachitika

Anthu ambiri pulogalamu ikawatsekekera yokha amangoitsegulanso osanena kanthu, ndipo ikawavuta kwambiri amangoisiya. N'chifukwa chake kope loyesera liyenera kukhala ndi chida chotumiza malipoti a kugwa kwa pulogalamu, monga Firebase Crashlytics, lisanafike kwa oyesa. Ngati khodi yanu imafupikitsidwa ndi R8, onetsetsani kuti fayilo ya `mapping.txt` ya kope lililonse yafika kumene malipoti akupita, apo ayi mudzaona mayina a zilembo chimodzi chimodzi m'malo mwa mayina enieni a khodi yanu. Pa iOS ntchito yofananayo imagwiridwa ndi mafayilo a dSYM. Gwetsani pulogalamuyo mwadala kamodzi pa foni yanu n'kuona ngati lipoti lafika ndipo likuwerengeka, chifukwa chida chimene sichinalumikizidwe bwino chimakhala chete ngati mmene chimakhalira pulogalamu ikakhala yopanda vuto.

Kuwonjezera apo, werengani zochitika zochepa zogwirizana ndi mafunso anu aja. Pa pulogalamu yathu zinayi n'zokwanira: munthu watsegula pulogalamu koyamba, wamaliza kupanga akaunti, wasunga cholemba choyamba, ndipo foni yatumiza zolemba ku seva bwinobwino kapena yalephera. Musatumize ndalama zenizeni zimene munthu walemba kapena mawu ake ku chida chowerengera. Tumizani chabe kuti chinthucho chachitika. Ikaninso nambala ya kope pamalo ooneka m'pulogalamumo, kuti woyesa akamadandaula athe kukuuzani kope limene ali nalo.

Gamulaninso tsopano ngati oyesa adzagwiritse ntchito seva yoyesera kapena yeniyeni, ndiponso ngati zolemba zawo zidzasungidwe mayeso akatha. Zonse ziwiri n'zotheka, koma oyesa auzidwe asanayambe. Munthu amene walemba ndalama zake kwa milungu iwiri n'kupeza kuti zafufutidwa asanachenjezedwe sadzabweranso.

Tumizani kope loyamba

Mu Play Console, yambani ndi Internal testing, imene imalola anthu osapitirira 100 ndipo kope limafika msanga. Ikani pulogalamuyo kuchokera kumeneko pa foni yanu, kuti muyese kope lenileni lochokera ku sitolo, chifukwa limasiyana ndi limene mumaika kudzera pa waya: lasainidwa mosiyana ndipo khodi yake yafupikitsidwa. Mukakhutira, pitani pa Closed testing, kwezani fayilo ya `.aab`, sankhani mayiko, ndipo ikani maimelo a oyesa pa mndandanda kapena gwiritsani ntchito Google Groups. Kope la Closed testing limadutsa kaye mwa ounika a Google, ndipo ulendo woyamba kuunikako kungatenge masiku angapo, choncho musalonjeze oyesa tsiku loyambira kope lisanavomerezedwe. Likavomerezedwa mumapeza linki imene woyesa aliyense ayenera kutsegula n'kuvomera kulowa m'mayeso. Kuika imelo ya munthu pa mndandanda sikumulowetsa. Amawerengedwa pokhapokha wavomera yekha pa linkiyo.

Tsiku loyamba, madandaulo ambiri amakhala akuti pulogalamu sikupezeka kapena ikukana kulowa m'foni, ndipo zifukwa zake n'zodziwika. Nthawi zambiri munthu ali ndi maakaunti awiri a Google m'foni mwake, ndipo Play Store yatsegulidwa ndi akaunti imene si ili pa mndandanda wanu. Mwinanso dziko la akaunti yake simunalisankhe. Chifukwa china n'chakuti munamutumizirapo kale fayilo ya APK mwachindunji, ndipo popeza inasainidwa ndi kiyi wina, Android imakana kuika kope la ku sitolo pamwamba pake mpaka lakalelo litachotsedwa.

Kwa amene akutulutsa pa iPhone, njira yake ndi TestFlight. Imalola oyesa a m'kati osapitirira 100, amene ayenera kukhala a m'gulu lanu pa App Store Connect, ndi oyesa akunja ofika 10,000. Kope loyamba lopita kwa oyesa akunja limaunikidwa kaye ndi Apple, ndipo kope lililonse limasiya kugwira ntchito pakatha masiku 90.

Uzani oyesa chochita

Uthenga woitanira ukhale waufupi, koma unene masiku amene mayeso atenge, zimene pulogalamu idzatumize kwa inu, chimene chidzachitikire zolemba zawo, ndi malo amodzi okha otumizirako madandaulo. Mukalola kuti ena aziimba foni, ena azilemba imelo, ena azikuuzani pakamwa, malipoti ambiri adzasochera.

Kenako perekani ntchito zenizeni, imodzi kapena ziwiri pa nthawi imodzi. Tsiku loyamba auzeni kuti atsegule akaunti ndi kulemba zinthu zitatu zimene agula, koma musawafotokozere mmene angachitire, chifukwa mukawatsogolera mwawononga yankho la funso lanu loyamba. Tsiku lachinayi auzeni kuti azimitse intaneti, alembe zinthu zisanu, atseke pulogalamu, ndipo ayatsenso intaneti madzulo. Pa lipoti lililonse pemphani zinthu zinayi: chimene anachita, chimene ankayembekezera, chimene chinachitika, ndi chithunzi cha sikirini. Mtundu wa foni mukuudziwa kale kuchokera pa mndandanda wanu.

Werengani manambala musanakhulupirire kuti kuli bata

Tiyerekeze kuti pa tsiku lachitatu anthu 18 avomera, 16 aika pulogalamu, 15 apanga akaunti, koma amene asunga cholemba choyamba ndi 10 okha. Palibe lipoti la kugwa, ndipo palibe amene wadandaula. Anthu asanu amene aima pakatiwo ndiwo ofunika kwambiri pa mayeso onse, ndipo sadzabwera okha. Alembereni mmodzimmodzi, osati pagulu, ndipo musawafunse ngati pulogalamu ikuyenda bwino, koma afunseni chimene anaona pa sikirini pamene anaisiya. Ngati n'kotheka khalani ndi mmodzi wa iwo kwa mphindi 10, mumuone akulemba, inu muli chete. Mungapeze kuti pa foni ya sikirini yaing'ono kiyibodi ikatuluka imaphimba batani losungira, ndipo tsambalo silisuntha kuti batanilo lioneke. Munthuyo analemba ndalama zake, anafunafuna podina, anaganiza kuti mwina zasungidwa zokha, n'kutseka. Mukayang'ana mndandanda wa mafoni n'kupeza kuti anayi mwa asanuwo ali ndi masikirini aang'ono, gwero la vuto lapezeka. Palibe chida cha malipoti chimene chikanakuuzani zimenezi, chifukwa pulogalamu sinagwe.

Funso lachiwiri limayankhidwa poyerekeza zimene zili m'foni ndi zimene zafika ku seva. Pambuyo pa ntchito ya tsiku lachinayi, woyesa aliyense ayenera kukhala ndi zolemba zisanu zatsopano ku seva. Ngati wina ali ndi 0 kufikira atatsegulanso pulogalamu mawa lake, kaikirani njira zosungira batire za foni yakeyo, ndipo kumbukirani kuti Android siilonjeza nthawi yeniyeni ya ntchito za kumbuyo: ngakhale WorkManager, chida cha Android choyendetsa ntchito zoterezi, siibwereza ntchito pafupipafupi kuposa mphindi 15 zilizonse, ndipo foni ikagona ntchitoyo ingachedwe kuposa pamenepo. Ngati wina ali ndi zolemba 6 kapena 7, vuto ndi lina. Pa netiweki yofooka foni imatumiza cholemba, seva imachisunga, koma yankho la seva silifika ku foni. Foniyo imaganiza kuti yalephera ndipo imatumizanso. Chizindikiro chake ndi zolemba ziwiri zofanana ndendende zimene zafika mosiyana mphindi zochepa. Njira yothetsera n'kupatsa cholemba chilichonse nambala yakeyake, monga UUID, pa foni pomwepo chikangolembedwa, kuti seva ikaona nambala imene ili nayo kale isasungenso. Vuto limeneli silioneka kwa wopanga amene amayesa pa intaneti yamphamvu.

Malipoti akachuluka, agaweni m'magulu atatu okha. Loyamba ndi la zotaya kapena kusokoneza zolemba za munthu, kugwetsa pulogalamu, kapena kulepheretsa ntchito yake yaikulu, ndipo zimenezi ziyenera kukonzedwa mayeso asanathe. Lachiwiri ndi la zosokoneza zimene munthu angazizembe, ndipo lachitatu ndi la zinthu zatsopano zimene oyesa akufuna. Gulu lachitatuli lilembeni ndi kuthokoza, koma musaligwire tsopano, chifukwa chinthu chatsopano chilichonse chimene mwawonjezera pa tsiku la 10 chidzatuluka chisanayesedwe mokwanira.

Tumizani kope lachiwiri mayeso ali m'kati

Opanga ambiri amasunga zokonza zonse kuti adzazitulutse pamodzi kumapeto, ndipo potero amadumpha chinthu chimene oyesa okha ndi amene angachiyese bwino, chomwe ndi kuika kope latsopano pamwamba pa lakale m'foni imene muli kale zolemba za masiku angapo. Wopanga amachotsa ndi kuikanso pulogalamu kangapo pa tsiku, choncho nkhokwe yosungiramo zolemba ya m'foni mwake imakhala yatsopano nthawi zonse. Tumizani kope lachiwiri chapakati pa mayeso, mwina tsiku la 7, ndipo kwezani `versionCode`, chifukwa Play Console imakana nambala imene inagwiritsidwapo kale ntchito.

```kotlin
versionCode = 2
versionName = "0.2.0"
```

Tiyerekeze kuti pokonza vuto la zolemba zobwerezedwa lija mwawonjezera gawo la UUID pa tebulo la m'foni, ndipo mumagwiritsa ntchito Room, laibulale ya Android yoyendetsera nkhokweyo. Ngati mwakweza nambala ya nkhokwe koma simunalembe njira yosamutsira zakale, pulogalamu idzagwa kwa aliyense amene anali ndi kope loyamba, ndipo lipoti lidzanena kuti `A migration from 1 to 2 was required but not found`. Kwa inu amene mwaika mwatsopano, idzayenda bwinobwino. Choopsa kwambiri ndi kuthawa vutoli poika `fallbackToDestructiveMigration()`, chifukwa pamenepo pulogalamu siigwa, koma imafufuta matebulo onse n'kuwapanganso opanda kanthu. Zimene zinali zisanafike ku seva zimapita osabwereranso, ndipo Crashlytics siinena kanthu. Choyenera ndi kulemba kusamutsako n'kukupereka ku `addMigrations()` pomanga nkhokwe:

```kotlin
val MIGRATION_1_2 = object : Migration(1, 2) {
    override fun migrate(db: SupportSQLiteDatabase) {
        db.execSQL("ALTER TABLE zolemba ADD COLUMN uuid TEXT")
    }
}
```

Zolemba zakale zidzakhala zopanda nambala pa gawo latsopanoli, choncho khodi yanu izipatse nambala zisanatumizidwe. Musanatumize kopeli kwa onse 18, liyeseni pa Internal testing pa foni imene ili ndi kope loyamba ndi zolemba zina zosatumizidwa. Kenako pemphani oyesa kuti awerenge zolemba zawo asanaike kope latsopano ndiponso ataliika, ndipo muwachenjeze kuti asachotse pulogalamu yakale poyamba, popeza akatero funso lanu lachitatu silinayankhidwe. Auzeninso zimene zakonzedwa chifukwa cha malipoti awo; woyesa amene waona kuti dandaulo lake lagwira ntchito amalembanso, pamene amene sanayankhidwe amasiya pa mlungu woyamba.

Gamulani potengera zimene munalemba poyamba

Masiku 14 akakwana sizitanthauza kuti pulogalamu yakonzeka kutuluka. Bwererani ku mafunso atatu aja ndi kuwayankha pogwiritsa ntchito kope lomaliza, osati loyamba. Pa funso loyamba mudzafunika anthu atatu kapena anayi atsopano, chifukwa oyesa akale aphunzira kale kuzemba malo ovuta ndipo sangakhalenso alendo. Pa lachiwiri, bwerezani ntchito yozimitsa intaneti ija ndipo manambala a m'foni ndi a ku seva afanane kwa aliyense. Pa lachitatu, pasapezeke ngakhale mmodzi amene wataya cholemba. Kope limene mukufuna kutulutsa likhale kwa oyesa masiku angapo osasinthidwa; mukakonza kanthu kena usiku wa tsiku lomaliza, chimene mukutulutsacho si chimene chinayesedwa.

Kusamala kumeneku kuli ndi chifukwa china. Google Play imalola kutulutsa kope kwa gawo lochepa la anthu n'kumawonjezera pang'onopang'ono, ndipo Apple ili ndi njira yofanana ya masiku 7, koma zonsezi zimagwira pa makope otsatira okha, osati potulutsa pulogalamu koyamba. Ulendo woyamba mungachepetse chiopsezo posankha mayiko ochepa basi. Komanso ndemanga za oyesa pa nthawi ya mayeso zimafika kwa inu nokha, pamene za anthu onse zimaonekera pa sitolo pamodzi ndi nyenyezi zake.

Ngati akaunti yanu ili pansi pa lamulo la oyesa 12, mayeso akakwanira mumapempha chilolezo chotulutsira kwa onse mu Play Console, ndipo mumafunsidwa mmene munapezera oyesa, zimene ananena, ndi zimene munasintha. Mndandanda wa malipoti ndi makope amene munatumiza ndiwo udzakupatseni mayankho enieni. Mukatulutsa, musathetse gululo. Auzeni oyesa tsiku lotulutsira ndi chimene chichitikire zolemba zawo, auzeni a TestFlight kuti aike kope la ku App Store masiku 90 aja asanathe, ndipo siyani Closed testing yotsegula kuti kope lililonse lotsatira lizidutsa kaye kwa amene avomera kukhalabe, makamaka likakhala kuti likusintha matebulo a nkhokwe.